Kalembedwe ka Zilankhulo pa CV: Osadzikweza, Osadzichepetsa

Pa zinthu zonse zimene munthu amalemba pa CV, chilankhulo ndicho chimene wolemba ntchito angathe kuchiyesa pompopompo. Kuti atsimikize za satifiketi yanu, ayenera kufunsa kusukulu. Kuti atsimikize zaka zimene munagwira ntchito kwina, ayenera kuimbira foni abwana anu akale. Koma mukalemba kuti mumalankhula Chifalansa bwino kwambiri, mmodzi mwa okufunsani pa intavyu angangotembenuka n'kukufunsani funso lotsatira m'Chifalansacho, ndipo pasanathe mphindi imodzi zonse zadziwika. Chopweteka n'chakuti mukagwidwa pamenepo sakayikira chilankhulo chokhacho. Amayamba kuyang'ana mizere ina yonse ya CV yanu ndi diso lina, ngakhale imene munalemba zoona.

Choncho cholinga cha gawo la zilankhulo pa CV n'chimodzi: mulembe mlingo umene mungauteteze pamaso pa munthu, tsiku lililonse, musanakonzekere. Nazi njira zake.

Choyamba: lembani zilankhulo zonse papepala lapadera

Musayambire pa CV. Tengani pepala lina, mulembepo chilankhulo chilichonse chimene munachigwiritsapo ntchito, kuphatikizapo chobadwa nacho. Pambali pa chilichonse yankhani mafunso atatu: munachiphunzira bwanji, munachigwiritsa ntchito liti komaliza, ndipo munkachita nacho chiyani? Funso lachiwirilo anthu ambiri amalizemba. Chilankhulo chimene munakhoza bwino kusukulu zaka khumi zapitazo, koma simunachilankhulenso, sichili pamlingo umene chinali pa tsiku la mayeso. Kawirikawiri kuwerenga ndi kumva zimatsalako ndithu, pamene kulankhula ndi kulemba zimathawa msanga.

Chachiwiri: gawani chilankhulo chilichonse m'maluso anayi

Apa ndi pamene pamayambira kunama kosadziwa. Timati "ndimachidziwa Chiswahili" ngati kuti kudziwako n'chinthu chimodzi, pamene m'kati mwake muli maluso anayi: kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba. Maluso amenewa sakula mofanana. Amene anaphunzira chilankhulo pocheza ndi anthu amatha kulankhula mosadodoma koma osatha kulemba kalata yaulemu. Amene anachiphunzira m'mabuku amawerenga lipoti lonse n'kulimvetsa, koma foni ikalira amauma pakamwa. Onse awiri akalemba mawu amodzi oti "Good" pa CV, wolemba ntchito sadziwa kuti akulemba munthu wotani.

Jambulani mizere inayi papepala lanu lija, kuti chilankhulo chilichonse chikhale ndi malo anayi opanda kanthu. Muwadzaza mukadziyesa, osati panopa.

Chachitatu: gwiritsani ntchito muyezo umene ena akuudziwa kale

Mawu monga "Fluent", "Good", "Conversational" ndi "Basic" alibe tanthauzo limodzi. Kwa wina, "Fluent" ndi munthu wotha kutsogolera msonkhano. Kwa wina ndi aliyense wotha kucheza osachita manyazi. Muyezo wodziwika kwambiri wothetsa vutoli ndi CEFR, umene unafalitsidwa ndi bungwe la Council of Europe mu 2001. Unakonzedwa ku Ulaya, koma tsopano umagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, ndipo ubwino wake n'ngwakuti sufunsa kuti munaphunzira zaka zingati. Umafunsa zimene mumatha kuchita. Uli ndi milingo isanu ndi umodzi, kuyambira A1 mpaka C2.

Pa A1 mumatha kupereka moni, kunena dzina lanu ndi kumene mumakhala, ndiponso kumva munthu ngati akulankhula pang'onopang'ono ndipo akufuna kukuthandizani. Pa A2 mumatha kukambirana zinthu zapafupi zimene zimabwerezeka tsiku ndi tsiku, monga kufunsa njira, kugula kanthu, kapena kufotokoza mwachidule za banja lanu ndi ntchito yanu. Milingo iwiriyi ndi chiyambi chabwino, koma ntchito ya muofesi simungaigwire nayo.

Pamene pafunika kukhalapo nthawi ndi pakati pa B1 ndi B2, chifukwa anthu ambiri amadzinamiza pamenepa. Munthu wa B1 amamva mfundo zikuluzikulu ngati nkhani ndi yoizolowera ndipo olankhulawo akulankhula momveka. Amatha kufotokoza zimene zinamuchitikira, kupereka chifukwa mwachidule, ndi kulemba imelo yosavuta. Koma anthu atatu akayamba kutsutsana mothamanga mumsonkhano, iye amatsalira, ndipo akamapeza mawu oti ayankhe, nkhani imakhala itapita kale patsogolo. Munthu wa B2 amatsatira mkangano umenewo ngati uli pa ntchito imene amaidziwa, amalowererapo, ndipo amene akulankhula naye satopa nako kumudikira kapena kumubwerezera. Amalembanso lipoti lomveka lofotokoza ubwino ndi kuipa kwa njira ziwiri. Amalakwitsabe apo ndi apo, koma zolakwazo sizisokoneza uthenga. Ine ndimaona kuti funso lothandiza kwambiri posiyanitsa milingo iwiriyi ndi ili: kodi amene mukulankhula naye akufewetsa mawu ake chifukwa cha inu? Ngati akutero nthawi zambiri, muli pa B1.

Pa C1 mumalankhula osaoneka kuti mukusakasaka mawu, mumamva ngakhale zimene munthu wangozungulira osazitchula, ndipo mumadziwa kusintha kalankhulidwe malinga ndi amene mukulankhula naye. C2 ndi wa munthu amene amamva pafupifupi chilichonse, amatha kuphatikiza mfundo zochokera m'zolemba zingapo n'kuzifotokoza mwadongosolo, ndipo amasiyanitsa matanthauzo oyandikana kwambiri. Dziwani kuti C2 satanthauza chilankhulo chobadwa nacho. Chobadwa nacho chimalembedwa pachokha, ndi mawu oti "Native" kapena "Mother tongue".

Mafomu ena a pa intaneti ali ndi milingo yawoyawo. Mwachitsanzo, LinkedIn imakupatsani isanu: "Elementary", "Limited working", "Professional working", "Full professional" ndi "Native or bilingual". Milingo imeneyi sigwirizana ndendende ndi ya CEFR, choncho musavutike kuifananitsa mzere ndi mzere. Dzifunseni funso lomwe lija, loti kodi ntchito yeniyeni mungaigwire m'chilankhulocho popanda wokuthandizani, ndipo musasankhe "Professional working" ngati yankho lili lokayikitsa.

Chachinayi: dziyeseni ngati mmene adzakuyesereni

Kuwerenga milingo ija n'kusankha umene ukukusangalatsani sikokwanira. Tonsefe timakumbukira tsiku limene tinalankhula bwino, n'kuiwala masiku amene tinangogwedeza mutu tisakumva. Muyenera kudziyesa, ndipo madzulo awiri akwana pa chilankhulo chimodzi.

Pa kulankhula, tengani foni mujambule mawu anu kwa mphindi zitatu mukuyankha funso la ntchito, musanalembe chilichonse. Funso labwino ndi ili: "Fotokozani vuto limene munakumana nalo pa ntchito, mmene munalithetsera, ndi zimene mukanachita mosiyana." Lili bwino chifukwa limakukakamizani kunena za kale, kupereka zifukwa, ndi kunena zinthu zimene sizinachitike koma zikanachitika, ndipo mbali yomalizayi ndi imene imagwetsa anthu ambiri a B1. Kenako mvetserani zimene mwajambulazo. Onani kuti mwaima kangati kusaka mawu, mwathawira kangati m'chilankhulo china, ndiponso ngati mwasiya mfundo ina chifukwa munalibe mawu oinenera. Chomalizachi n'chovuta kuchigwira, chifukwa wakumva sadziwa kuti mwazemba, koma inu mukudziwa.

Pa kumva, mvetserani nkhani za pa wailesi kwa mphindi zisanu kamodzi kokha, osabwereza, ndipo mulembe mfundo zazikulu pamodzi ndi manambala ndi mayina amene mwamva. Musalekere pomwepo, chifukwa owerenga nkhani amalankhula momveka kuposa anthu wamba. Imbiranani foni ndi munthu wodziwa bwino chilankhulocho, mumupemphe kuti alankhule mmene amalankhulira ndi anzake. Pafoni palibe nkhope kapena manja okuthandizani kulota tanthauzo.

Pa kuwerenga, musasankhe nthano. Pezani chikalata cha mtundu umene mudzakumane nawo pa ntchitoyo, kaya ndi lipoti, kontirakiti kapena malangizo a makina, muwerenge masamba awiri, kenako mufotokozere munthu wina zimene akunena. Pa kulemba, dzipatseni mphindi 20 kuti mulembe imelo ya mawu pafupifupi 150 yoyankha kasitomala amene wadandaula, popanda dikishonale kapena chilichonse chokukonzerani mawu. Imelo yodandaula ndi yabwino poyesera chifukwa imafuna ulemu ndi kulimba mtima nthawi imodzi.

Mukatha, perekani mawu ojambulidwa aja ndi imeloyo kwa munthu amene amagwira ntchito m'chilankhulocho. Musamufunse kuti "Kodi ndikulankhula bwino?" chifukwa aliyense waulemu adzati inde. Mufunseni kuti: "Imelo iyi mukanaitumiza kwa kasitomala wanu mmene ililimu? Mukanandituma kukakuimirirani kumsonkhano?" Akayamba ndi kuzengereza, mwamva kale yankho.

Tsopano dzazani malo anayi aja. Pamene mukukayikira pakati pa milingo iwiri, lembani wotsikawo. Sikuti ndikukulimbikitsani kudzichepetsa ayi. Chifukwa chake n'chakuti pa intavyu mumakhala ndi mantha, ndipo mantha amadya mawu. Zimene mumatha muli phee kunyumba sizituluka zonse pamaso pa anthu anayi okhala ndi zolembera m'manja.

Tione chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto

Tiyerekeze mayi wina amene akufunsira ntchito yoyang'anira katundu wotumizidwa kunja. Chilengezo cha ntchito chikuti Chingerezi n'chofunika, ndipo wodziwa Chifalansa chogwirira ntchito adzakhala ndi mwayi woposa ena. Poyamba iye analemba motere:

```
Languages: English, French, Swahili - fluent; Portuguese - basic
```

Mzere umenewu uli ndi mavuto angapo. Zilankhulo zitatu zaunjikidwa pamlingo umodzi, zomwe zimachitika kamodzikamodzi kwambiri pa munthu weniweni, ndipo wowerenga CV wozolowera amayamba kukayikira pomwepo. Komanso chilankhulo chake chobadwa nacho, chimene tinene kuti ndi Chichewa, sichikuonekamo n'komwe.

Atadziyesa, zinatuluka zina. Chingerezi ndi chimene anaphunzirira maphunziro ake onse ndipo wakhala akulembera malipoti kwa zaka zambiri. Mphindi zitatu zija anazidutsa osaima, ndipo imelo yake sinafunike kukonza. Ameneyo ndi C1 wosakayikitsa. Chifalansa anachiphunzira kusekondale, ndipo pa ntchito yake yakale ankawerenga zikalata za katundu ndi maimelo a makasitomala tsiku lililonse. Kuwerengako kunamuyendera bwino, masamba awiri a kontirakiti anawafotokoza molondola. Koma atajambula mawu ake, anapeza kuti anaima kambirimbiri, ndipo atafika pa zimene akanachita mosiyana, chiganizo chinamuthera panjira. Imelo yakenso inaonetsa chinthu chimene sankachizindikira: maimelo a Chifalansa amene ankatumiza kuntchito anali okonzedwa kale, iye ankangosintha madeti ndi manambala. Atalemba yekha kuchokera pachiyambi, uthenga unamveka koma unali wosalongosoka moti sungapite kwa kasitomala wokwiya. Choncho kuwerenga kwake ndi B2, kulankhula ndi kulemba ndi B1.

Chiswahili chinali mosiyana. Anachiphunzira polankhula ndi madalaivala ndi amalonda, moti pafoni ankatha kukangana za tsiku lofika katundu mosavuta konse, koma sanalembepo kalata ngakhale imodzi. Chipwitikizi chinali cha maphunziro a milungu ingapo amene sanawamalize, ndipo chimene chinatsala ndi moni basi. Gawo lake latsopano linakhala lotere:

```
Chichewa: native
English: C1
French: reading B2, speaking and writing B1
Swahili: speaking and listening B2, writing A2
```

Pansi pake anawonjezera mzere umodzi wonena kuti milingoyi ndi ya CEFR ndipo wadziyesa yekha, ndi wina wofotokoza kuti ankawerenga zikalata za katundu za Chifalansa tsiku ndi tsiku pa ntchito yake yakale. Chipwitikizi anachichotsa.

Mwina mukuganiza kuti watsitsa mwayi wake, poti mawu oti "fluent" achoka pa Chifalansa, chilankhulo chomwe olemba ntchitowo akuchifuna. Ine ndikuona mosiyana. Amene akuwerenga CV imeneyi tsopano akudziwa kuti mayiyu angapatsidwe zikalata za Chifalansa mawa lomwe, kuti maimelo ake ayenera kuonedwa ndi wina kwa kanthawi, ndiponso kuti foni ya dalaivala wolankhula Chiswahili angailandire yekha. Zimenezi ndi zinthu zoti bwana angakonzere nazo ntchito. Ndipo pa intavyu, wina akamufunsa m'Chifalansa iye n'kudodoma pang'ono, palibe chodabwitsa, chifukwa n'zimene analemba. Akayankha bwino kuposa B1, ndiye kuti wawonjezera mbiri yake. Akanalemba "fluent", yankho lomwelo likanaoneka ngati kugwidwa bodza.

Ngati chilengezo chikananena kuti Chifalansa cha C1 n'chofunika zedi, ndiye kuti CV yoonayi ikanamulepheretsa kuitanidwa. Zimenezo n'zoona ndipo sindibisa. Koma ntchito imeneyo ikanamufuna kutsogolera zokambirana m'Chifalansa mlungu woyamba womwe, ndipo nthawi yoyesedwa pa ntchito sakanaidutsa.

Chachisanu: sankhani zolowa, ndipo muike umboni

Si chilankhulo chilichonse cha papepala lija chiyenera kulowa mu CV. Cha pamlingo wa A1 chisiyeni, pokhapokha ngati ntchitoyo ikukhudzana nacho ndipo mukuchiphunziradi panopa. Zikatero lembani mlingo wake ndi kuti mukuphunzira, ndipo mukonzekere kufunsidwa kuti mukuphunzira kuti komanso mwafika pati. Yambani ndi chilankhulo chimene ntchito ikufuna kapena chimene mumachidziwa kwambiri. Ngati maluso anayi ali pamlingo umodzi, lembani mlingo umodziwo basi, musatalikitse.

Chobadwa nacho musachisiye poganiza kuti n'chosafunika. Mabungwe a zaumoyo, a kafukufuku, mabanki ndi makampani olandira mafoni a makasitomala amafuna anthu otha kulankhula ndi anthu m'chilankhulo chawo. Koma pomweponso pafunika chilungamo. Ambiri timalankhula chilankhulo cha makolo athu bwino kwambiri koma sitinaphunzire kalembedwe kake kovomerezeka, ndipo tikapatsidwa chikalata choti tilembe timasokoneza pogawa mawu. Ngati ntchito ikufuna kulemba, yesaninso luso limeneli monga mwayesera zinazo. Musalembenso kuti mumamasulira chifukwa chongodziwa zilankhulo ziwiri. Kumasulira zolemba, ndiponso kumasulira pakamwa munthu akulankhula, ndi maluso apadera, ndipo mukawatchula adzakupatsani ndime kuti mumasulire pomwepo.

Ngati muli ndi satifiketi ya mayeso a chilankhulo, lembani dzina la mayesowo, zimene munapeza, ndi chaka. Chaka n'chofunika chifukwa zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS ndi TOEFL nthawi zambiri zimalandiridwa kwa zaka ziwiri zokha, pamene madipuloma a Chifalansa a DELF ndi DALF satha ntchito. IELTS imapereka zotsatira m'milingo yotchedwa mabandi yofika pa 9, ndipo mongoyerekeza 5.5 mpaka 6.5 amagwera pa B2, pamene 7 mpaka 8 amagwera pa C1. Komabe dipuloma yosatha ntchito sitanthauza luso losatha. Ngati munapeza DELF B2 kalekale koma lero mukulankhula ngati wa B1, lembani dipulomayo ndi chaka chake, ndipo mlingo wa lero muulembe padera. Ngati mulibe satifiketi, musalembe mlingo m'njira yooneka ngati munalemba mayeso. Mawu oti "self-assessed" sachotsa ulemu wanu.

Tinyenyezi, timadontho ndi timizere todzaza theka, timene timabwera ndi mafomu ena okongoletsa CV, tisiyeni. Nyenyezi zinayi mwa zisanu sizinena ngati mungalembe lipoti, ndipo mapulogalamu a kompyuta amene makampani ena amasefera nawo ma CV nthawi zambiri sawerenga zithunzi zoterezi. Chimodzimodzinso maperesenti. Palibe amene angafotokoze kuti kudziwa chilankhulo 80% n'kutani.

Chachisanu ndi chimodzi: gwirizanitsani zolemba zanu, ndipo konzekerani kuyesedwa

Onetsetsani kuti CV, kalata yofunsira ntchito, fomu ya kampani ndi mbiri yanu ya pa intaneti zikunena mlingo umodzi. Kumbukiraninso kuti kalata yanuyo ndi mayeso kale. Mukalemba kuti Chingerezi chanu ndi C2 koma kalatayo ili ndi zolakwa m'ndime yoyamba, wowerenga akhulupirira kalatayo, osati mlingowo. Ndipo ngati wina anakukonzerani kalatayo kwambiri, musaitenge ngati umboni wa luso lanu lolemba.

Pa chilankhulo chilichonse chimene mwalemba kuti ndi B1 kapena kuposa, yesezani mokweza mawu kufotokoza kuti ndinu ndani, ntchito imene munkagwira, ndi chifukwa chimene mukufunira iyi. Musaloweze pamtima ngati ndakatulo, chifukwa funso lachiwiri lidzakutulutsani m'zimene munaloweza. Akakutembenuzirani chilankhulo mwadzidzidzi, yankhani m'chomwecho ndi ziganizo zazifupi zimene muli nazo chikhulupiriro. Ngati simunamve, pemphani m'chilankhulo chomwecho kuti abwereze, chifukwa kutha kupempha motero ndi luso limene akuliyang'ananso. Mukafika pamene mawu akuthera, nenani mosabisa kuti mbali imeneyi mungaifotokoze bwino m'chilankhulo china, ndipo mupitirize.

Gawo la zilankhuloli muzilionanso nthawi iliyonse imene mukutumiza CV. Ngati papita chaka chathunthu osagwiritsa ntchito chilankhulo china, jambulaninso mphindi zitatu zija musanasiye mlingo wakale pamenepo, ndipo ngati mwakhala mukuchigwiritsa ntchito tsiku lililonse, mayeso omwewo ndi amene adzakuuzeni ngati nthawi yakwana yosintha B1 kukhala B2.